Maso ali gwa koma mowa uli m'magazi: za kusakaniza mowa ndi enaji

Nyengo yotentha ikafika kuno ku Salima, malo omwera mowa a pa Kamuzu Road ndi ku Senga Bay amagulitsa kwambiri zinthu ziwiri zimene masiku ano zikuyendera limodzi ngati nsima ndi ndiwo: kabotolo ka mowa waukali, kaja achinyamata akuti mdoli, ndi chakumwa chopatsa mphamvu chozizira bwino, chimene ambiri angochitchula kuti enaji. Pa ntchito yanga ya ulangizi wa zaumoyo ndimacheza ndi anyamata a kabaza komanso asodzi, ndipo ndikafunsa chifukwa chake amasakaniza, yankho limakhala limodzimodzi: "Bwana, enaji imadula mowa. Ukamwa chonchi suledzera."

Mawu amenewa muli chinthu chimodzi choona. Munthu amene wasakaniza amamvadi ngati sanaledzere. Koma chimene enaji yadula ndi tulo, mowa sinaukhudze n'komwe.

M'zakumwa zimenezi chimene chimagwira ntchito kwambiri ndi kafeini, yemweyo amene ali mu khofi ndi tiyi, kuphatikizapo shuga wambiri. Kachitini ka mamililita 250 kawirikawiri kamakhala ndi kafeini wokwana mamiligalamu 80, ndipo botolo la mamililita 500 limatha kufika pa 150 kapena 160. Mu ubongo wathu muli chinthu chotchedwa adenozini chimene chimachuluka tikakhala m'maso nthawi yaitali, ndipo ndicho chimatiuza kuti tatopa, tikagone. Mowa umawonjezera mphamvu ya adenozini, n'chifukwa chake munthu akamwa mabotolo angapo amayamba kuyasamula ndi kusinza pampando. Kafeini amakakhala pamalo pamene adenozini amayenera kugwira, ngati munthu wokhala pampando wa mnzake, ndiye uthenga wa tulo sufika. Ntchito yake yathera pomwepo. Njira zina zimene mowa umafooketsera ubongo, zokhudza kuona bwino, kuyeza mtunda, kuima osadzandira ndi kuganiza musanachite chinthu, kafeini sazifikako.

Tulo timeneti n'tofunika kuposa mmene timaganizira. Agogo athu akamwa masese pabwalo, ankati akafika pena mutu umalemera, amatsamira mtengo n'kugona, kumwa kwathera pomwepo. Kusinza ndi buleki imene thupi limadziikira. Enaji imachotsa buleki imeneyi, komanso shuga wake amabisa kuwawa kwa mowa, moti kabotolo kamene munthu akanamwa pang'onopang'ono akukwinya nkhope amakameza ngati sobo.

Ku Brazil ofufuza anayesapo zimenezi, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2006. Anapatsa achinyamata mowa wokha tsiku lina, ndipo tsiku lina mowa womwewo wosakaniza ndi enaji. Atamwa wosakaniza, achinyamatawo ankanena kuti sakumva kufooka kwenikweni ndipo manja ndi miyendo zikuwamvera. Koma atawayeza, mowa wa mumpweya wawo unali wofanana masiku onse awiri, ndipo ankachedwa chimodzimodzi kuchitapo kanthu akaona chizindikiro. Ku America nako, mu Novembala 2010 bungwe loona za zakudya ndi mankhwala la FDA linachenjeza makampani amene ankagulitsa mowa wothiramo kale kafeini, monga Four Loko, ndipo kafeiniyo anachotsedwamo. Zimene anazichotsa m'fakitale kumeneko ife tikuzipanga tokha m'tambula.

Tiyeni tiwerengere limodzi, chifukwa nkhaniyi imamveka bwino ndi manambala. Tiyerekeze mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto, wolemera makilogalamu 60, wabweretsa kasitomala ku Senga Bay madzulo ndipo waganiza zoyamba wapumako. Nthawi ya 8 koloko wagula kabotolo ka mamililita 200 kolembedwa 40%, ndi enaji ya mamililita 500. Mu kabotolo kameneko muli mowa weniweni wokwana magalamu pafupifupi 63. Botolo limodzi la mowa wamba la mamililita 330 limakhala ndi magalamu 12 kapena 13, ndiye kuti kamdoli kamodziko ndi mabotolo asanu. Anthu ambiri ndikawauza zimenezi amakana, poti kabotoloko kamakwana m'thumba la malaya.

Mowa ukalowa m'magazi, chimene chimauchotsa ndi chiwindi, ndipo chiwindi chili ndi liwiro lake losasintha. Kwa munthu wa thupi ngati la mnyamatayu chimachotsa magalamu 6 kapena 7 pa ola. Simungachifulumizitse ndi khofi, enaji, kusamba m'nyanja kapena kutafuna chingamu. Akamaliza kabotolo kake 10 koloko, chiwindi chachotsako magalamu ongopitirira 10 basi, ndipo m'magazi mwake muli mowa wa pafupifupi magalamu 0.12 pa mamililita 100 alionse. Malamulo apamsewu m'dziko muno amaika malire pa 0.08, ndipo luso loyendetsa limayamba kuchepa munthu asanafike n'komwe pamenepo. Kuti atsike pansi pa malirewo ayenera kudikira mpaka cha m'ma 1 koloko usiku, ndipo kuti mowa utheretu m'thupi ndi cha m'ma 6 koloko m'mawa. Mkazi wa thupi lofanana akamwa kabotolo komweko mlingo wake umakwera kuposa apa, chifukwa thupi la mkazi lili ndi madzi ochepa osungunula mowawo.

Tsopano onani zimene kafeini akuchita nthawi yomweyo. Amafika pachimake pakatha theka la ola kapena ola limodzi chimwereni, ndipo pamatenga maola pafupifupi asanu kuti theka lake lichoke m'thupi. Ndiye 10 koloko ija, pamene mowa wakwera kwambiri, ndi pamenenso mnyamata uja akudzimva kuti ali bwinobwino. Maso ali gwa, nkhani zikutuluka, mtima ukuthamanga. Akanamwa mowa wokha bwenzi akuwodzera ndipo anzake akanamuuza kuti agone kaye. Koma poti akuoneka wochangamuka, palibe amene akumuletsa. Apa pamachitika chimodzi mwa ziwiri: agula kabotolo kachiwiri, kapena aliza njinga kubwerera ku tauni, mwinanso atanyamula munthu kumbuyo.

Msewu wochokera ku Senga Bay usiku mumaudziwa: mbuzi, ng'ombe, njinga zakapalasa zopanda nyali, anthu oyenda m'mbali mwa phula. Njinga yamoto ikamathamanga makilomita 60 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi. Mowa ukachedwetsa dzanja ndi phazi ndi theka chabe la sekondi, njingayo yapita mamita 8 buleki isanagwidwe n'komwe. Mnyamatayo mbuziyo waiona ndithu, poti sakusinza. Chimene chachedwa ndi uthenga wochoka m'maso kupita ku dzanja, ndipo kuchedwa kumeneko munthu sakumva m'thupi mwake. Woledzera wosinza amayenda mwamantha chifukwa akudziwa kuti sali bwino. Woledzera wa maso gwa amapitirira galimoto pakona.

Kunyanja n'chimodzimodzi, mwinanso kuposa. Amene amapita ku usipa usiku amakonda enaji kuti asagone, ndipo ena amathiramo kachasu ati kuthamangitsa mphepo. Kachasu ndiye alibe ndi chizindikiro chomwe cholemba mphamvu yake, lero akhoza kukhala wofatsa mawa mutu weniweni. Mowa umatsegula mitsempha ya pakhungu, munthu n'kumamva kutentha pamene thupi likutaya kutentha kwake msanga. Kuima m'bwato mwera ukuwomba kumafuna miyendo yomvera, ndipo wogwera m'madzi ataledzera amasokonezeka osadziwa kumwamba ndi kuti, ngakhale akhale katswiri wosambira.

Nanga munthu angadziwe bwanji mlingo wake ngati thupi likumunamiza? Langizo langa ndi lakuti musafunse thupi, funsani botolo ndi wotchi. Werengani zimene mwamwa, kamdoli kamodzi mukaone ngati mabotolo asanu, ndipo botolo lililonse mulipatse maola awiri ngati muli ndi thupi laling'ono. Mukagawana kabotolo awiri, aliyense wamwa mabotolo awiri ndi theka. Kuwerengera kumeneku kumagwira ntchito kaya mwathiramo enaji, kaya madzi, kaya simunathiremo kanthu.

Kwa inu amene muli pambali, eni malo omwera mowa, akazi awo kunyumba, atsogoleri a pa siteji ya kabaza, musayang'ane ngati munthu ali m'maso. Onani zimene manja akuchita. Kodi kiyi akulowa pabowo kamodzi? Akuwerenga chenji bwinobwino, kapena akubwereza katatu? Mverani ngati akubwereza nkhani imene wanena kale, kapena akukweza mawu pamene palibe phokoso. Muuzeni ayende molunjika chidendene chikugunda chala, kenako atembenuke. Ambiri amagwa potembenuka. Koma ngakhale apambane zonsezi, ngati mwamuona akumaliza kabotolo, kiyi asungidwe. Wakwiya lero adzakupatsani moni mawa.

Pali ngozi ina imene imabwera mochedwa, ndipo ndi imene imandidetsa nkhawa kwambiri. Munthu amene tulo sitinamuletse amatha kumwa timabotolo tiwiri kapena titatu. Kafeini uja akayamba kuchepa, mowa wonse umamugwera nthawi imodzi, ndipo umene uli m'mimba ukupitirizabe kulowa m'magazi iye atagona kale. Anzake amati "wagona, musiyeni", n'kumusiya chagada pakhonde. Kugona ndi kukomoka n'zosiyana. Mugwedezeni, mutchuleni dzina, mutsineni. Ngati sakudzuka, ngati akupuma kosakwana kasanu ndi katatu pa mphindi imodzi kapena akukhala masekondi khumi osapuma, ngati khungu lazizira ndipo lanyowa, kapena akusanza osadzuka, ameneyo ndi wa kuchipatala usiku womwewo. Podikira galimoto mugonekeni cham'mbali, bondo lam'mwamba litapindidwa ndipo kamwa litaloza pansi, kuti masanzi asamutsamwitse. Musamumwetse chilichonse, ndipo enaji ina yoti "adzidzimuke" ndiye ayi ndithu. Wina akhale naye pafupi mpaka afike m'manja mwa achipatala, ndipo akawauze zimene wamwa ndi kuchuluka kwake.

Mtima nawo umavutika. Kafeini amauthamangitsa ndi kukweza kuthamanga kwa magazi, mowa wambiri umasokoneza kagundidwe kake, ndipo zonse ziwiri zimakodzetsa, chinthu chosafunika m'dzuwa la Okutobala kuno kunyanja. Munthu wamkulu wathanzi asapitirire mamiligalamu 400 a kafeini pa tsiku, ndipo mabotolo atatu akuluakulu aja adutsa kale pamenepo. Amene ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, matenda a mtima, shuga kapena khunyu asayese n'komwe kusakaniza, ndipo mayi woyembekezera mowa asaukhudze. Mukamva mtima ukugunda modumphadumpha, chifuwa chikuthina kapena mpweya ukuperewera mutamwa zimenezi, lekani pomwepo ndipo pitani kuchipatala osadikira kuti kuche.

Chotsala ndi m'mawa wake. Mnyamata wathu uja akanawonjezera kabotolo kachiwiri, ndiye kuti wamwa magalamu 126, ndipo chiwindi chake chikufunika maola pafupifupi 20. Kafeini wamulepheretsanso kugona bwino. Pofika 6 koloko m'mawa ali pa siteji kudikira ana a sukulu ndi amayi opita kumsika, wasamba, watsuka mkamwa, wagula enaji ina yochotsera matsire, koma mowa umene uli m'magazi mwake ukadali pamwamba pa 0.08 ndipo ukhala choncho mpaka cha m'masana.