Windows itakana kudzuka: ndinasankha bwanji pakati pa njira zitatu

Laputopu ya pashopu yathu yosindikizira ku Area 25 inasiya kudzuka magetsi atathima ili mkati mwa apudeti. Startup Repair inalephera, System Restore nayonso inalibe poyambira.

Njira zinali zitatu: Keep my files kapena Remove everything za mu Reset this PC, kapena kuika Windows yatsopano kotheratu. Ndisanasankhe chilichonse ndinakopera kaye mafayilo. Ndinaiyatsa ndi fulashi ya Windows, ndinatsegula Command Prompt, ndikulemba `notepad`. Pa File, kenako Open, mafoda onse amaoneka, ndipo ndinawasamutsira pa diski yakunja.

Kenako ndinayeza diski:

```
chkdsk C: /r
```

Apa mpamene pagona chisankho chonse. Ikapeza malo ambiri owonongeka, Reset ndi kutaya nthawi, gulani diski ina. Yathu inali bwinobwino.

Ndinayesa Keep my files chifukwa imasunga zikalata ndi zithunzi, ngakhale imachotsa mapulogalamu amene munaika nokha. Inaima panjira n'kunena kuti There was a problem resetting your PC. Local reinstall, imene ndinasankha pa Reset, imamanganso Windows ndi mafayilo a m'kompyuta momwemo, ndiye akakhala owonongeka imagwa. Remove everything ikanagwa chimodzimodzi, ndipo imeneyi ndimaiona yoyenera pogulitsa kompyuta. Cloud download imapewa vutoli, koma imatha kudya bandulo yoposa 4 GB.

Fulashi ndinali nayo kale, choncho ndinaika Windows yatsopano kotheratu: ndinasankha Custom, ndikufufuta mapatishoni a Drive 0. Layisensi inabwerera yokha italumikizidwa pa intaneti. Dilaiva ya Wi-Fi inasowa, ndinalumikiza foni ndi chingwe kuti ndiitsitse.