Kuyeza Mulu wa Mchenga

"Ndagula mulu wa mchenga kwa okumba m'mbali mwa Shire ku Chikwawa. Ndingadziwe bwanji kuchuluka kwake?"

Bambo, zungulizani chingwe patsinde pa muluwo, muchiyeze ndi tepi. Tinene kuti mwapeza mamita 9. Kenako imikani nsungwi chilili pambali, wina aime pataliko akuuzeni pamene nsonga ya mulu yalekeza. Tinene mita 1.

Chulukitsani 9 ndi 9, kenako ndi kutalika, mugawe ndi 37.7:

`9 × 9 × 1 ÷ 37.7 = 2.15`

Awa ndi makiyubiki mita awiri ndi pang'ono, ndowa za malita 20 pafupifupi 107.

Pamene ambiri amalakwitsa mpogoneka tepi potsetsereka pa mulu. Pamenepo mupeza pafupifupi mamita 1.75, ndipo mulipira mchenga womwe palibe. Mulu wophwatalala pamwamba, yambani mwauunjika ndi fosholo usongoke.