Foni ikuchedwa: mmene mungadziwire ngati vuto ndi netiweki kapena foni yadzaza

Mlamu wanga anagula bandulo kawiri tsiku limodzi, kenako n'kusintha simu khadi, chifukwa zithunzi za pa WhatsApp zinkangozungulira osatseguka. Anali atatsimikiza kuti netiweki ya kudera kwawo yafa. Nditaigwira foni ija, ndinapeza kuti pa 32 GB yomwe ili nayo panatsala 310 MB yokha. Intaneti inali bwinobwino, koma chithunzi chikafika chinalibe poti n'kukhala.

Mufoni muli malo a mitundu iwiri. Oyamba ali ngati nkhokwe, mosungira zithunzi, mavidiyo ndi mapulogalamu, ndipo ndi amene amalembedwa kuti 32 GB kapena 64 GB pabokosi. Achiwiri ndi RAM, yomwe ili ngati lichero: pamakhala zokhazo zomwe mukugwiritsa ntchito nthawi imeneyo. Mafoni ena otsika mtengo ali ndi RAM ya 1 GB kapena 2 GB. Nkhokwe ikadzaza, foni imalephera kulandira zatsopano. Lichero likachepa, foni imatseka pulogalamu ina kuti ipeze malo a inzake, ndiye mukabwerera imayambiranso kutsegula. Zonse ziwirizi pamaso zimaoneka ngati intaneti yofooka.

Choyamba: zimitsani intaneti, muone ngati foni ichira

Yatsani Airplane mode. Kenako tsegulani zinthu zosafuna intaneti: kamera, Gallery, mndandanda wa manambala, ndipo yesani kulemba uthenga wamba. Ngati kamera ikutenga nthawi kuti itseguke, kapena mukulemba mawu koma zilembo zikubwera mochedwa, netiweki ilibe mlandu, chifukwa panthawiyi foni sikulumikizana ndi nsanja iliyonse. Foni ya mlamu wanga inagwa pamayeso awa: kamera inatsegukadi, koma inakana kujambula vidiyo, n'kunena kuti malo palibe.

Ngati zonse zikuthamanga bwino, pitani pa gawo lachiwiri.

Chachiwiri: bwereketsani intaneti yanu kwa foni ina

Awa ndiwo mayeso omwe ndimawadalira kwambiri. Zimitsani Airplane mode, yatsani deta ndi Hotspot, ndipo mnzanu alumikize foni yake pomwepo, muli malo amodzi. Akatsegula masamba ndi mavidiyo popanda vuto pogwiritsa ntchito bandulo yanu, ndiye kuti simu yanu ndi netiweki zili bwino, chodwala ndi foni. Foni zonse ziwiri zikamavutika mofanana, vuto lili kunja. Mungathenso kutembenuza: lumikizani foni yanu ku Hotspot ya mnzanu wa kampani ina. Ikamachedwabe, musaonongenso ndalama kugula simu.

Chenjerani ndi bandulo ya WhatsApp kapena Facebook yokha. Imeneyo siitsegula masamba ena, ndipo ingakunamizeni kuti intaneti yaduka. Mayesowa amafuna bandulo yotsegula chilichonse. Ndi bandulo yotero mungalowenso pa fast.com, pomwe pamaoneka liwiro la intaneti yanu. Liwiro la 3 Mbps ndi lokwanira kutsegula zithunzi za pa WhatsApp msanga, choncho ngati mukulipeza koma zithunzi zikukanabe, yang'anani mufoni. Tsambali limadya deta, musamaliyese kawirikawiri. Yang'ananinso kachilembo ka pamwamba: E amatanthauza intaneti yochedwa ya 2G, ndipo apo kuchedwa n'kwa netiweki ndithu. Timizere todzaza timangosonyeza kuti nsanja ikumveka bwino, sitinena za liwiro.

Chachitatu: onani malo otsala

Lowani mu Settings, kenako Storage. Pa mafoni a Samsung zili pansi pa Device care kapena Battery and device care. Android imachenjeza kuti Storage space running out malo akatsala ochepa kwambiri, koma ine sindidikira chenjezolo. Pa foni ya 32 GB ndimayesetsa kusiya 3 GB yopanda kanthu, chifukwa pulogalamu ikamakonzedwanso pa Play Store imafuna malo oposa kukula kwake, oti iyambe yafikirapo isanalowe m'malo mwa yakale.

Zizindikiro za nkhokwe yodzaza n'zodziwika: WhatsApp imalemba kuti Download failed pomwe mauthenga olemba akulowa ndi kutuluka bwinobwino, ndipo Play Store imakuuzani kuti muchotse mapulogalamu ena. Za RAM yochepa n'zosiyana. Mukuwerenga nkhani pa Chrome, mwapita kukayankha uthenga, pobwerera tsamba layambiranso kutsegula kuchokera pamwamba. Nyimbo imazima yokha mukatsegula Facebook. Nthawi zina pulogalamu imangotseka n'kukubwezerani panja. Netiweki yofooka siitseka pulogalamu, imangokudikiritsani.

Chachinayi: pezani malo, kuyambira pa WhatsApp

Kwa ambiri a ife katundu wolemera ali m'magulu a tchalitchi, a banja, a maliro ndi a mpira. Tsegulani WhatsApp, Settings, Storage and data, kenako Manage storage. Mudzaona Larger than 5 MB ndi Forwarded many times, ndipo pansi pake pali macheza onse, olemera kwambiri ali pamwamba. Kwa mlamu wanga WhatsApp inali itadya 11 GB, ndipo gulu limodzi la kwaya linali ndi 4 GB ya mavidiyo omwe anawaonera kamodzi. Tinasankha okafufuta mmodzimmodzi, zithunzi za ana tinayamba tazisamutsira pa memore khadi. Chomwe mwafufuta apa sichibwerera wamba, choncho musathamange.

Musanatuluke, pa Media auto-download chotsani chizindikiro pa Videos, pa deta ndi pa Wi-Fi pomwe. Mukapanda kutero, nkhokwe idzadzazanso mwezi usanathe, ndipo bandulo nayo izipita ndi mavidiyo omwe simunawapemphe.

Kenako pitani ku Settings, Apps, sankhani Facebook, TikTok kapena Chrome, lowani pa Storage ndipo dinani Clear cache. Izi zimachotsa zinyalala zosakhalitsa zokha. Batani loyandikana nalo, Clear data kapena Clear storage, musalikhudze, makamaka pa WhatsApp: limakutulutsani mu akaunti, ndipo macheza omwe sanasungidwe kwina amatayika. Pomaliza tsegulani Trash kapena Recycle bin mu Gallery. Zithunzi zofufutidwa zimakhala mmenemo masiku 30 pa mafoni ambiri, zikudyabe malo, mpaka mutazikhuthula.

Chachisanu: pepukitsani RAM

Apa pali malire. RAM simungaiwonjezere, ndipo memore khadi imangokulitsa nkhokwe, osati lichero. Chomwe mungachite n'kuchepetsa katundu: zimitsani foni n'kuiyatsanso, chotsani mapulogalamu omwe simuwagwiritsa ntchito, ikani Facebook Lite m'malo mwa Facebook yaikulu, ndipo tsekani masamba ambirimbiri otsegula pa Chrome. Mapulogalamu olonjeza kuthamangitsa foni ndimawaletsa, chifukwa nawonso amakhala pa RAM yomweyo, amabweretsa zotsatsa malonda, ndipo zomwe atseka zimadzukanso pakapita kanthawi.

Mukatha zonsezi bwerezani mayeso oyamba aja. Foni ya mlamu wanga inatsala ndi malo a 7 GB, kamera inajambula, ndipo zithunzi zinatseguka pa simu yakale yomwe anaitaya m'kabati ija. Masamba a pa Chrome okha ndiwo amayambirabe akatsegula zinthu zitatu nthawi imodzi, chifukwa RAM yake ikadali 2 GB, ndiye masiku ano akafuna kuwerenga nkhani yaitali amayamba watseka Facebook.