Thupi likatentha n'kumaphwanya: yezetsani magazi musanamwe mankhwala a malungo

Zimakonda kuyamba madzulo. Munthu amamva kuzizidwa pomwe anzake ali thukuta kamukamu, amafunda bulangete, mano n'kumagundana. Pakati pa usiku thupi lili juu, mutu ukuwawa, msana ndi m'mawondo mukuphwanya. Kumadera komwe udzudzu ndi wambiri, aliyense m'nyumbamo amakhala atagamula kale kuti ndi malungo, ndipo m'mawa mwake wina amatumidwa kukagula mankhwala. N'zotheka ndithu kuti ndi malungo, koma zizindikiro zomwezi zimabweranso ndi chibayo, tayifodi, chimfine chachikulu, zilonda za pakhosi, matenda a m'njira ya mkodzo, ngakhale matenda oumitsa khosi akamayamba. Palibe munthu, ngakhale dokotala amene wagwira ntchito zaka zambiri, amene angasiyanitse zonsezi pongokhudza pamphumi. N'chifukwa chake kuyambira mu 2010 Bungwe Loona za Umoyo Padziko Lonse limalangiza kuti aliyense woganiziridwa malungo ayezedwe magazi asanapatsidwe mankhwala.

Choyamba: onani ngati pali chizindikiro choopsa

Musanaganize za china chilichonse, muyang'aneni bwino wodwalayo. Ngati wakomoka kapena wachita linjirinjiri, akusanza chilichonse chomwe wamwa, akulephera kumwa kapena kuyamwa, akungogona osadzuka msanga mukamugwedeza, akulankhula zosokonekera, akupuma movutikira, khosi lauma, maso achita chikasu, m'manja mwayera mbuu, kapena mkodzo wada ngati tiyi wopanda mkaka, nyamukani nthawi yomweyo, kaya ndi usiku. Wodwala wotere mapiritsi samukwanira. Malungo akakula amafuna jakisoni wa atesuneti, ndipo mwana akhoza kufika pamenepa pasanathe tsiku limodzi. Khanda losakwana miyezi iwiri ndi mayi woyembekezera nawonso asadikire kuti kuche, ngakhale atangotentha thupi chabe.

Chachiwiri: zomwe mungachite kunyumba usiku umenewo

Ngati zizindikiro zoopsazo palibe, chepetsani kutenthako. Panado amathandiza: munthu wamkulu amwe mapiritsi awiri a mamiligalamu 500, ndipo asapitirire kanayi pa tsiku. Kwa mwana mulingo umatengera kulemera kwake, mamiligalamu 10 mpaka 15 pa kilogalamu iliyonse, pakadutsa maola sikisi. Ana musawapatse asipirini. Wodwala amwe madzi pafupipafupi, ndipo muchotsereni zofunda zolemera ngakhale akudandaula kuti akuzizidwa. Ngati muli ndi kachipangizo koyezera kutentha, kaikeni m'khwapa. Kuyambira madigiri 37.5 kupita m'mwamba ndiye kuti thupi latenthadi. Lembani pakapepala nthawi yomwe kutentha kunayamba.

Panado sasokoneza zotsatira za magazi, koma amanamiza maso. Thupi likazizira m'mawa, mwana n'kuyamba kusewera, anthu amati wachira, ulendo wa kuchipatala n'kulephereka. Malungo nawo amatero okha: amatsika, amakweranso. Musadalire m'mawa umodzi wabwino.

Chomwe simuyenera kuchita ndi kumwetsa LA wotsala pa matenda a munthu wina, kapena maantibayotiki omwe akhala m'kabati miyezi yambiri.

Chachitatu: kayezetseni pasanathe maola 24

Kuyeza kwake n'kwachidule. Wachipatala amapukuta nsonga ya chala, amabaya pang'ono, amatenga kadontho ka magazi n'kuika pakapulasitiki kokhala ndi kazenera, kenaka amadonthezera madzi ake apadera. Pakatha mphindi 15 mpaka 20 zotsatira zimaoneka. Mzere ukaoneka pa chilembo C pokha, malungo sanapezeke. Ukaoneka pa C ndi pa T, malungo alipo, ngakhale mzere wa pa T utakhala wotumbuluka kwambiri. Pa C pakapanda mzere, kachipangizoko sikanagwire ntchito ndipo ayeze ndi kena. Pemphani kuti akuonetseni ndi maso anu, si mwano ayi. Kachipangizo komwe kakhala patebulo ola lathunthu sikayenera kuwerengedwanso, chifukwa mizere yabodza imatha kutuluka mochedwa.

Pali chinthu chimodzi chomwe anthu ambiri sachidziwa. Zipangizo zambiri zoyezera mwachangu sizifufuza tizilombo tamoyo, zimafufuza puloteni yomwe tizilomboto timatulutsa m'magazi, ndipo puloteniyo imatha kutsalira milungu ingapo tizilombo titafa kale. Munthu amene anamaliza LA milungu iwiri yapitayo akatenthanso thupi, kachipangizoko kakhoza kuonetsa mizere iwiri pomwe chomudwalitsa ndi china. Choncho muuzeni wachipatala ngati munamwa mankhwala a malungo mwezi womwewo, ndipo tchulani tsiku lake. Iye adzafuna kuti magazi aonedwe pa maikulosikopu, pomwe tizilombo timaoneka tokha ndipo timawerengedwa. Apa m'pamenenso kumwa mankhwala musanayezetse kumasokoneza zinthu: mapiritsi ochepa amachepetsa tizilombo m'magazi moti woyeza sationa, koma sitinathe.

Chachinayi: akakupezani nawo, malizani mankhwala onse

LA amamwedwa kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu. Mulingo woyamba mumamwa nthawi yomweyo, wachiwiri pakadutsa maola eyiti, kenaka m'mawa ndi madzulo kwa masiku awiri otsatira. Chiwerengero cha mapiritsi chimatengera sikelo, osati zaka: piritsi limodzi kwa wolemera makilogalamu 5 mpaka 14, awiri kwa wa 15 mpaka 24, atatu kwa wa 25 mpaka 34, anayi kwa wa 35 kupita m'mwamba. Munthu wamkulu amamwa mapiritsi okwana 24 m'masiku atatuwo. Mwana wa makilogalamu 18 akamwa mapiritsi awiri 10 koloko m'mawa, ena awiri amwe 6 koloko madzulo, ndipo pofika tsiku lachitatu usiku akhale atamaliza 12. Pali mapaketi ena okhala ndi mapiritsi amphamvu kuposa awa, ndiye funsani wokupatsaniyo kuti akuwerengereni.

Mankhwalawa amalowa bwino m'thupi akamwedwa ndi mkaka kapena chakudya chokhala ndi mafuta pang'ono; wa pabere angoyamwa. Wodwala akasanza pasanathe theka la ola, mulingowo ubwerezedwe, ndipo mukatenge wina wolowa m'malo mwake kuti asaperewere. Ambiri amapeza bwino tsiku lachiwiri n'kusunga otsalawo, amvekere tidzamwa tsiku lina. Tizilombo totsala timachulukananso, matenda n'kubwerera pakatha milungu iwiri kapena itatu. Pakatha masiku atatu thupi likadali lotentha, bwererani kuchipatala.

Chachisanu: akapanda kukupezani nawo

Apa m'pomwe ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa ambirife m'pomwe timalakwitsa. Munthu amatuluka m'chipinda choyezera atakhumudwa, akunena kuti makina awo ndi abodza, thupi langa ndimalidziwa ndekha, n'kukhotera kogula LA. Zimamveka, chifukwa munthu wodwala amafuna kubwerera ndi mankhwala m'manja. Koma mzere umodzi uja uli ndi uthenga wake: chomwe chikukudwalitsani sichinapezeke, ndipo chiyenera kufufuzidwa.

Mwana wa mchemwali wanga anali ndi zaka zitatu pomwe anatentha thupi usiku wina. Amayi ake anali ndi mapiritsi a LA otsala, anamumwetsa, ndipo kwa masiku awiri tonse tinali ndi mtima m'malo poti mwana ali pa mankhwala. Tinkamumva akutsokomola koma sitinalabadire. Tsiku lachitatu anakana kudya, ndipo titafika naye kuchipatala magazi sanaonetse malungo. Namwino anamuvula malaya, anamugoneka pamiyendo pa amayi ake, anadikira kuti asiye kulira, kenaka anayang'ana wotchi n'kumawerenga momwe kachifuwa kake kankakwerera ndi kutsika kwa mphindi imodzi yathunthu. Anapeza 52. Anatilozera pansi pa nthiti, pomwe khungu linkalowa m'kati mwana akamakoka mpweya. Anati, "Mayi, mwanayu ali ndi chibayo, ndipo sichinayambe lero." Anamupatsa maantibayotiki, anachira, koma masiku awiri aja chibayo chinkakula popanda chochiletsa, pakuti LA sapha mabakiteriya. Mpaka lero ndikakumbukira kapumidwe kake mtima umandiwawa.

Kuwerenga mpweya kumeneku mukhoza kuchita nokha kunyumba, mwana ali phee. Wa miyezi iwiri mpaka 11 akamapuma ka 50 kapena kuposa pa mphindi imodzi, kapena wa chaka chimodzi mpaka zisanu akamapuma ka 40 kapena kuposa, ndiye kuti akupuma mofulumira, ndipo ngati akutsokomola ganizani za chibayo.

Musatuluke m'chipinda cha dokotala mutangomva mawu akuti malungo palibe. Fotokozani zonse, ngakhale zomwe mukuziona ngati zazing'ono: chifuwa, kupweteka pomeza, kuwotcha pokodza, khutu lotuluka mafinya, zidzolo, kutsegula m'mimba, bala lomwe latupa, kutentha thupi kwa sabata yathunthu, kuwonda ndi kutuluka thukuta usiku. Chilichonse mwa izi chimalozera kwina, ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Nthawi zambiri, makamaka kwa ana, chimakhala chimfine chabe chomwe chimatha chokha ndi panado, madzi ndi kupuma. Wachipatala akakuuzani choncho atamuyeza bwino wodwalayo, sanakunyozeni.

Kachipangizo kakhoza kuphonya, makamaka matenda akangoyamba kumene tizilombo tikadali tochepa, kapena ngati kanasungidwa pamalo otentha kapena kadutsa tsiku lake. Mankhwala a vuto limeneli ndi kuyezetsanso, osati kumwa LA mongoganizira. Kutentha kukapitirira masiku awiri kapena atatu, bwererani akayezenso. Chizindikiro choopsa chikaoneka, musadikire masikuwo.

Pali chifukwa chinanso chomwe chimakhudza tonse. Kolorokwini anali mankhwala amphamvu ndi otchipa, koma tizilombo tinamuzolowera mpaka anasiya kugwira ntchito m'mayiko ambiri, ndipo fansida naye anatsata njira yomweyo. Zizindikiro zoti tizilombo tayamba kupirira atemisinini, yemwe ndiye mphamvu ya LA, zinayamba kuoneka ku Cambodia, ndipo pano zapezekanso ku Rwanda, Uganda, Eritrea ndi Tanzania. Munthu akamwa LA wopanda malungo, kapena akamwa theka, mankhwalawo amatsalira m'magazi mochepa kwa masiku angapo. Udzudzu ukamuluma nthawi imeneyo, tizilombo timakumana ndi mankhwala ofooka, ndipo tomwe tapulumuka ndi tomwe timafalikira kwa ena.

Ngati mwachokera kudera la malungo n'kupita komwe kulibe, kumbukirani kuti matendawa amaonekera patadutsa masiku osachepera 7 chilumidwireni, kawirikawiri masiku 10 mpaka 15. Thupi likatentha, muuzeni dokotala komwe munali ndi masiku ake, ndipo pemphani kuti akuyezeni magazi tsiku lomwelo.