Phunziro la anamwino akutali: yezani kulemera kwake musanalitumize

Chipatala chikakhala kutali, phunziro lililonse liyezedwe kaye ndi netiweki ya kumeneko, osati ya mu ofesi yanu. Vidiyo ya mphindi 10 yooneka bwino imatha kupitirira 100 MB. Pa netiweki ya 2G yoyenda pafupifupi 50 kbps, kuitsitsa kumatenga maola anayi kapena asanu, ndipo ikaduka pakati namwino sayambiranso. Nkhani yomweyo mukaijambula mawu okha nkuipanikiza, imatsika m'mphindi zosakwana 7.

Titenge phunziro lothandiza khanda lomwe silikupuma litangobadwa. Lembani zomwe mudzanene, jambulani mawuwo m'chipinda chopanda phokoso, muwasunge m'fayilo ya dzina loti phunziro.wav, kenako pakompyuta yokhala ndi ffmpeg, pulogalamu yosintha ndi kupanikiza mafayilo a mawu ndi vidiyo, lembani:

```
ffmpeg -i phunziro.wav -ac 1 -ar 22050 -b:a 32k phunziro.mp3
```

Mphindi 10 zimatuluka pafupifupi 2.4 MB. Ilipo mitundu ina ya mafayilo yopepuka kuposa MP3, koma mafoni ambiri a mabatani saitsegula, choncho musanyengeke nayo. Namwino mmodzi atsitse pamene netiweki ikugwira, anzake atenge pa Bluetooth kapena pa memori khadi. Bandulo imodzi yakwanira chipatala chonse.

Mawuwo ayende ndi tsamba limodzi losonyeza ndondomeko. Litumizeni ngati PDF. Mukalitumiza ngati chithunzi pa WhatsApp limapanikizidwa, zilembo zing'onozing'ono nkufufutika, munthu osasiyanitsanso 3 ndi 8.

Koma khutu siliphunzitsa manja, ndipo apa ndi pamene maphunziro ambiri otere amagwera. Namwino angathe kunena bwinobwino kuti khanda liyambe kupatsidwa mpweya mphindi imodzi isanathe, kokwana 40 mpaka 60 pa mphindi, koma masiki ya chipangizo chopopera mpweyawo nkumaigwira mopendekeka mpweya ukuthawira m'mbali. Foni siingaone zimenezo. Ndiye sabata yomweyo anamwino akhale awiriawiri ndi chidole chophunzirira, mphindi 15 zokha posinthana ntchito. Wina apope, mnzake ayang'ane ngati chifuwa cha chidole chikukwera, akuchonga papepala. Chikapanda kukwera, akonze kakhalidwe ka mutu ndi kagwiridwe ka masiki, ayambirenso. Musakonze tsiku lathunthu la maphunziro pamalo pomwe anamwino alipo awiri okha. Odwala adzatsala ndi ndani?

Mafunso oyesera, atatu kapena asanu, apite pa SMS, yankho likhale chilembo chimodzi. Uthenga umodzi umatenga zilembo 160, koma mukaikamo ŵ kapena kachithunzi koseka, malirewo amatsika kufika pa 70 ndipo funso limaduka zidutswa zolipiridwa padera. Lembani w wamba.

Umboni woti munthu waphunzira usakhale woti fayilo yatsitsidwa, poti ambiri adzailandira kwa anzawo. Woyang'anira chipatala asayine pepala lochongedwa lija, lokhala ndi dzina ndi tsiku, nkulisunga mpaka nthawi yowerengera mapointi omwe anamwino amapeza akachita maphunziro owonjezera.