Kiriyetini ndi shuga: phindu lipita ku minofu kapena ku mimba?

Anyamata onyamula zitsulo ku Chinamwali ndi ku Matawale, funso lanu ndalimva kangapo: kodi kiriyetini, ufa umene ochita masewera amamwa kuti minofu ikhale ndi mphamvu, azimwedwa ndi shuga kuti alowe bwino m'minofu? Shuga amathandizadi, koma muyeso wake ndi umene ambiri simunauwerengere.

Mukadya chakudya chopatsa mphamvu, thupi limatulutsa insulini, timadzi timene timathandiza shuga wa m'magazi kulowa m'minofu, ndipo insulini ikachuluka m'magazi minofu imakoka kiriyetini wambiri. Mu 1996 akatswiri a ku Nottingham, ku England, adayesa zimenezi kwa masiku 5. Gulu lina linkamwa magalamu 5 a kiriyetini kanayi pa tsiku, pamene lina linkaonjezera magalamu 93 a shuga ulendo uliwonse. Kiriyetini amene adaonjezeka m'minofu ya a shugawo adaposa wa anzawo ndi pafupifupi 60 peresenti.

Tsono tiwerengere limodzi. Magalamu 93 ndi masipuni a tiyi oposa 20. Kumwa kanayi ndiye magalamu 372 pa tsiku, mphamvu yokwana makalori pafupifupi 1,500, nsima musanaikhudze n'komwe. Tisipuni tiwiri timene ena mumathira m'botolo sitikweza insulini kufika pamenepo, mumangotsekemeretsa madzi.

Chinanso, minofu ili ngati ndowa, ikadzaza yadzaza. Munthu womwa magalamu 3 okha a kiriyetini tsiku lililonse kwa masiku 28 amafika pomwe amafika mnzake womwa magalamu 20 kwa masiku 6. Shuga amangofulumizitsa m'masiku oyambirirawo. Ndowa ikadzaza, shuga amene mukupitiriza kumwa ndi makalori chabe, ndipo lamba ndi amene adzakuuzeni.

Titenge mnyamata wa makilogalamu 70 amene alibe mpikisano mwezi uno. Iyeyu asungunule magalamu 3 mpaka 5 a kiriyetini m'kapu ya madzi, amwe pa nkhomaliro ya nsima ndi matemba a ku Chilwa kapena nyemba, tsiku lililonse, ngakhale tsiku lopuma. Nsima imakweza insulini, ndiwo zomanga thupi nazo zimathandizira. Kafukufuku wa mu 2000 adapeza kuti magalamu pafupifupi 50 a shuga pamodzi ndi 50 a zomanga thupi amagwira ntchito ngati magalamu pafupifupi 100 a shuga payekha. Mbale ya nsima si chimodzimodzi ndi zimene adayesazo, koma chakudyacho mukadadya ndithu, choncho palibe chimene mwaonjezera.

Sikelo ikakwera ndi kilogalamu 1 kapena 2 sabata yoyamba, makamaka kwa womwa magalamu 20, musadabwe, amenewo ndi madzi amene minofu yasunga. Koma ikamakwerabe mwezi wachiwiri, buluku n'kumathina m'chiuno, chotsani zotsekemerazo. Amene muli ndi matenda a shuga, njira ya magalamu 93 ija musaiyese, ndipo a vuto la impso yambani mwaonana ndi adokotala musanagule kiriyetiniyo.