Mmene mungawerengere ndalama zomangira mpanda wa waya waminga

Musanapite kokagula mitengo, yendani ndi tepi kuchokera pa bikoni ina kufika pa inzake. Muyeso wa papepala la puloti suwerengera kutsetsereka kwa malo, ndiye kwa amene muli m'mphepete mwa phiri la Zomba, waya amalowa wochuluka kuposa mmene pepala likunenera.

Titenge puloti ya mamita 30 m'litali ndi 20 m'lifupi. Kuzungulira konse ndi mamita 100. Tikasiya geti la mamita 4 pakona, kumbali yaifupi, potchinga patsala mamita 96.

Ambiri amangogawa 96 ndi 3, n'kugula mitengo 32, kenako imawaperewera. Werengani mbali iliyonse payokha, chifukwa pakona paliponse payenera kuima mtengo. Mukamatalikitsa mitengo mamita 3, mbali za mamita 30 zili ndi mipata 10 iliyonse. Ya mamita 20 ili ndi mipata 7, pakuti yotsalira timaiwerenga ngati mpata wathunthu, ndipo ya kugeti, yotsala mamita 16, ili ndi 6. Yonse ndi mipata 33. Popeza mpanda ukuyambira pa geti n'kukathera pa geti, onjezani mtengo umodzi, ikhale 34.

Pakufunikanso mitengo yochirikiza, iwiriiwiri pa makona atatu opanda geti ndi umodzi mbali iliyonse ya geti, yonse 8. Apa musaumire. Mukakoka waya popanda yochirikiza, mtengo wa pakona umapendekera m'kati mvula ikangofewetsa nthaka, waya yense n'kukhwepa. Mitengo yogula ndi 42.

Waya wa mizere 5 ndi 96 × 5, mamita 480. Onjezani mamita 48 omangira ndi kulumikiza, akwane 528. Mipukutu imasiyana kutalika, choncho werengani cholembedwapo. Ngati ndi ya mamita 200, mugula itatu.

Ndalama izi n'zongoyerekeza, inu muikepo zimene akuuzani kusitolo lero. Mitengo 42 pa K6,000 ndi K252,000. Mipukutu 3 pa K70,000 ndi K210,000. Misomali yopinda ikufunika 170, umodzi pa mzere uliwonse pa mitengo 34 ija, ndipo makilogalamu 2 pa K6,000 ndi K12,000. Maenje 34 pa K1,000 ndi K34,000. Zonse pamodzi ndi K508,000, osawerengera geti, simenti ya m'makona, galimoto yonyamula ndi malipiro a mmisiri.

Dzenje likhale lakuya masentimita 60, ndipo pamiyala gwirizanani ndi aganyu mtengo wa dzenje asanayambe kukumba. Bulugama wosathira mankhwala ndi wotchipa, koma chiswe chimamudya patsinde pomwe wakhudza dothi. Pogula wamankhwala, pemphani adule kansonga kamodzi: ngati mankhwala sanalowe m'kati mwa thabwa lakunja, angopaka pamwamba.